Mchere wa m'Thanki Yachiwiri

Ophunzira ankamutcha Nachoko, chifukwa akamatuluka m'kalasi siketi yake, zigongono ngakhalenso tsitsi zinkakhala mbee ndi fumbi la choko. Dzinalo analidziwa ndipo silinkamupweteka. Anali atatha zaka zitatu ali mphunzitsi wothandizira m'dipatimenti ya masamu pa yunivesite, ndipo ntchito yake inali yoyenda m'mbuyo mwa a Pulofesa. Iwo akaphunzitsa Lolemba m'holo yaikulu, iye ankatenga ophunzira omwewo m'timagulu Lachitatu ndi Lachinayi, n'kumawatafunira zimene sanamve.

Ofesi yake inali kunsi kwa masitepe, moti aliyense wokwera kumwamba ankamuponda pamutu. Lachiwiri lina m'mawa, akupukuta tebulo, anamva kugogoda kwa munthu wosafuna kusokoneza. Analowa bambo wa zaka zoposa makumi anayi, wamapewa otambalala, amene anzake m'kalasi ankamutcha Malume chifukwa ambiri a iwo akanatha kuwabereka. Bamboyu anali kapitawo kufakitale ina yosakaniza mankhwala ochapira, ndipo ankaphunzira zauinjiniya pothawathawa kuntchito. M'manja ananyamula pepala la mayeso apakati pa teremu, amene a Pulofesa anabweza dzulo lake.

"Aphunzitsi, sindinabwere kudzalira malikisi ayi," anatero atakhala pansonga ya mpando. "Ine kulephera ndinazolowera. Ndingofuna mundiuze kumene mchere wapita."

"Mchere uti, bambo?"

"Wa funso lachitatu."

Nachoko anatambasula pepalalo. Mayesowo sanawachonge iye. A Pulofesa anali atanena kuti awachonga okha, ati Nachoko ali ndi ntchito zambiri kale. Funso lachitatu linali la mathanki awiri ofanana, iliyonse ya malita 100, olumikizidwa ndi paipi. Madzi oyera amalowa m'thanki yoyamba malita 100 pa ola, osakanikawo amatsikira m'thanki yachiwiri pamlingo womwewo, kenako n'kutayika kunja. Poyamba m'thanki yoyamba muli mchere makilogalamu 10, m'yachiwiri mulibe. Mchere wa m'yoyamba ukatchedwa x, wa m'yachiwiri y, kusintha kwake pa ola kumalembedwa motere: x′ = −x, ndipo y′ = x − y. Yoyamba imangotaya. Yachiwiri imalandira zimene yataya inzake, n'kumatayanso zake.

Ophunzira anafunsidwa kupeza x ndi y pogwiritsa ntchito ekisiponenshiyo ya matirikisi. Nachoko anali ataiphunzitsa nkhaniyi milungu iwiri yathunthu, ndipo nthawi zonse ankayamba ndi mawu amodzimodzi. Chinthu chikakhala chimodzi, x′ = ax, yankho aliyense amalidziwa: e^(at) kuchulukitsa ndi chimene unayamba nacho. Zikakhala ziwiri zokolana, umasonkhanitsa manambala anayi aja m'kabokosi kamizere iwiri, kamene ndi matirikisi A, ndipo yankho limakhala lomwelo: e^(At) kuchulukitsa ndi zimene unayamba nazo. Ntchito yonse ndi kupeza e^(At). Pa funsoli A inali ndi −1 ndi 0 pamzere wapamwamba, 1 ndi −1 pamzere wapansi.

Malume anali atalemba ndi zilembo zazikulu, zokanikiza pepala: x = 10e^(−t), y = 10te^(−t). Pa y panali mtanda wofiira, t uja atazunguliridwa kawiri, ndipo m'mbali munalembedwa ndi dzanja lopendekeka la a Pulofesa kuti, "t ameneyu wachokera kuti?" Pa malikisi makumi awiri anapatsidwa anayi.

"Mnzanga wokhala naye benchi imodzi wakhoza onse," anapitiriza Malume. "Iye walemba kuti y ndi ziro. Ziro poyamba, ziro pakati, ziro mpaka kalekale. Tsono ine ndagwira mathanki zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, aphunzitsi. Ukatsegula mpopi wa thanki yamchere n'kulozetsa m'thanki ina, yachiwiriyo imawawa basi. Kapena masamu ali ndi paipi ina imene ife sitiiona?"

Ananena moseka, koma maso ake sankaseka. Nachoko anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala la mayankho limene a Pulofesa anamupatsa sabata yatha, limene iye anangoliponya mmenemo osaliwerenga. Pa funso lachitatu panali mizere inayi yokha. Ma aigenivaliyu a A, manambala amene amasonyeza liwiro limene zinthu zikuchepera kapena kukulira, anali −1 ndi −1. Izo zinali zoona. Mzere wotsatira unati: choncho e^(At) = e^(−t) kuchulukitsa ndi I. Tsono I ndi matirikisi yosasintha kanthu, ya 1 ndi 0 pamwamba, 0 ndi 1 pansi. Ukaichulukitsa ndi 10 ndi 0 umapezanso 10 ndi 0. N'chifukwa chake y inatuluka ziro.

Nachoko anakokera pepalalo pafupi. Anawerenganso kachiwiri, kufuna kuti wolakwa akhale iyeyo.

"Ndisiyireni pepalali, bambo," anatero. "Mubwere Lachinayi."

"Ndalakwa kapena?"

"Mubwere Lachinayi."

Malume atatuluka, Nachoko anaika mapepala awiriwo pamodzi, mapazi a anthu akugunda pamwamba pake. Anaona bwinobwino mmene cholakwacho chinabadwira. Chaka chatha funso linali lomweli, koma thanki yachiwiri inali theka la yoyamba, ndiye ma aigenivaliyu anali osiyana, −1 ndi −2. Akakhala osiyana, matirikisi imalola kuiwongola kuti zinthu ziwirizo zimasukane, chilichonse chiziyenda pachokha, ndipo yankho limangokhala ma e awiri osakanizidwa. Chaka chino a Pulofesa anafananitsa mathanki kuti obwereza kalasi asaloweze yankho, ndiye anayenda njira yakale ija osaima. Koma ma aigenivaliyu akafanana, si nthawi zonse pamene matirikisi imawongoka. Imeneyi siinkawongoka. Limeneli linali dzenje lodziwika, ndipo amene anamuonetsa dzenjelo ali m'chaka chachiwiri anali a Pulofesa omwewo.

Anapita kwa mlembi wa dipatimenti kukapempha mndandanda wa malikisi. Mlembiyo anali mayi wachikulire amene anagwirapo ntchito ndi akuluakulu asanu ndi mmodzi, ndipo ankadziwa za aliyense kuposa mwini wake. Nachoko anayendetsa chala pa funso lachitatu. Mwa ophunzira 92, khumi ndi mmodzi anali ndi malikisi anayi ndendende. Oposa makumi anayi anakhoza onse.

"Mwaona chiyani, mwana wanga? Nkhope yagwatu," anafunsa mlembi.

"Palibe, amayi. Ndikungoona mmene anakhozera."

Mlembi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutsitsa mawu. "Mwezi watha a Pulofesa anandifunsa katatu tsiku limodzi kuti msonkhano uli liti. Kiyi wa ofesi ndinawapezera m'kabati ya makapu. Ine sindinauze munthu. Koma a Mkulu a dipatimenti ali ndi maso, ndipo mukudziwa kuti akhala akufunsa kuti madalawa apuma liti." Anabweza mndandanda m'faelo. "Ngati pali chokonza, konzani mwakachetechete. Mndandandawu sunapite kumwamba. Ndikhoza kutaipa wina."

Madzulo a tsikulo Nachoko anayenda wapansi kupita kunyumba, mtunda umene masiku onse ankakwera basi. Zimene ananena mlembi zinali zotheka. Akanatha kuitana khumi ndi mmodzi aja mmodzimmodzi, kuwaonjezera malikisi, n'kunena kuti panali kuphonya powerengetsa. A Pulofesa sakanadziwa, a Mkulu sakanadziwa. Koma nanga makumi anayi aja, amene tsopano ankakhulupirira kuti ma aigenivaliyu akafanana basi ntchito yatha? Ena mwa iwo adzamanga milatho. Ena adzayeza mankhwala. Ndiponso ankadziwa kuti chinthu chimene a Pulofesa sangamukhululukire si kuwatsutsa ayi, koma kuwanyengerera ngati mwana.

Iwowa ndi amene anamutola. Ali m'chaka choyamba ankakhala kumbuyo kwenikweni, osayankhula, akuganiza zosiya masamu n'kukachita zina zosavuta. Tsiku lina a Pulofesa anabweza ntchito ya kunyumba, n'kuimirira pa desiki yake. "Iwe, umalemba ngati munthu woopa kuti pepala limuluma. Koma zimene walemba n'zoona. Mawa ukhale kutsogolo." Kuyambira pamenepo mabuku ankamubwereka awo, kalata yomupezera malo a maphunziro apamwamba analemba ndi iwo, ndipo tsiku la ukwati wake anakhala kumbali ya makolo, bambo ake omubereka atamwalira kale.

Kunyumba mwamuna wake, amene anali namwino, anamva nkhani yonse akusita yunifolomu.

"Ukuopa kuti akukalipira?"

"Ayi. Ndikuopa kuti sandikalipira."

Mwamunayo anaimika simbi. "Kuchipatala timawaona ambiri otere. Achibale onse amadziwa, aliyense n'kumabisa, ati kumusungira ulemu. Mwini wake amadziwanso, n'kumabisa, ati asavutitse ana. Mapeto ake munthu amakhala yekhayekha m'nyumba yodzaza anthu."

Lachitatu, itangokwana naini, Nachoko anakwera masitepe aja. Ofesi ya a Pulofesa inali ndi bolodi lakuda khoma lonse, mabuku mpaka kudenga, ndi duwa limodzi pawindo limene ankalithirira tiyi wotsala. Iwo anali atavala jekete yawo yotuwa ya zigamba m'zigongono, akusenda pensulo ndi kampeni.

"Lowa, mwana wanga. Wabwera ndi nkhope ya maliro. Wafa ndani?"

"Palibe, a Pulofesa. Pali funso landivuta. Ndimati mundithandize."

Anadziwa pomwepo kuti wayamba ndi bodza, ndipo anachita manyazi. Anaika pepala la Malume patebulo, pambali pake n'kuika la mayankho.

"Si kuti landivuta," anakonza. "Ndikuganiza kuti wophunzirayu wakhoza, ndipo pepala la mayankho ndi limene lalakwika."

A Pulofesa anaika kampeni pansi. Anayang'ana mapepala awiriwo, n'kuseka pang'ono. "Ma aigenivaliyu ndi −1 kawiri. Ukutsutsa?"

"Ayi."

"Ndiye t akufuna chiyani pamenepa? Ana awa amaloweza zinthu n'kumaziwaza paliponse ngati mchere wa m'funsomo."

"Mundilole ndilembe pa bolodi."

Anatambasula dzanja kuloza bolodi, monga ankachitira ndi ophunzira odzitama. Nachoko anatola choko. Anayamba ndi chinthu chimene sichikanatsutsika, tanthauzo lenilenilo:

e^(At) = I + At + A²t²/2 + A³t³/6 + …

"Tiyang'ane nambala imodzi yokha," anatero, "ya pansi kumanzere. Imeneyo ndi imene imanyamula mchere kuchoka m'thanki yoyamba kupita m'yachiwiri. Mu I ndi 0. Mu A ndi 1."

Anachulukitsa A ndi A poyera, mzere ndi mzati, osadumpha kanthu. Pamwamba panatuluka 1 ndi 0, pansi −2 ndi 1. Anachulukitsanso ndi A: pamwamba −1 ndi 0, pansi 3 ndi −1. Kenako anasonkhanitsa za pakona paja zokhazokha: t, kuchotsa 2t²/2, kuphatikiza 3t³/6. Anazifupikitsa: t − t² + t³/2 − … Anatulutsa t kunja, m'kati n'kutsala 1 − t + t²/2 − …

Sanamalize. Kumbuyo kwake a Pulofesa ananena okha, ndi mawu otsika: "e^(−t)."

"Inde. Pakonapo pali te^(−t), osati ziro."

Anatembenuka. A Pulofesa anali ataimirira. Anabwera pa bolodi, n'kumulanda choko mosakalipa, n'kuyamba kulemba mwachangu ngati munthu wothamangitsa basi. A = −I + N, N ili ndi 1 pansi kumanzere, kwina konse ziro. N kuchulukitsa ndi N, ziro yokhayokha. Popeza −I ndi N zimachulukitsana mofanana ngakhale uyambe ndi iti, e^(At) imagawika pawiri, e^(−t) ndi e^(Nt), ndipo mndandanda wa e^(Nt) umathera pa I + Nt. Analemba yankho: e^(−t) kunja, m'kati 1 ndi 0 pamwamba, t ndi 1 pansi. Mizere itatu basi, yoyera, yokongola kuposa yake ija. Dzanja linkaidziwa njirayo.

Anaima n'kuyang'ana zimene alemba. Choko chinaduka m'zala zawo.

"Aigenivekita, njira imene matirikisi siikhotetsa, ndi imodzi yokha, pamene pafunika ziwiri," anatero, osayang'ana Nachoko. "Matirikisi imeneyi siwongoka. Ndaphunzitsa zimenezi zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinalembapo kabuku." Anabwerera pampando pang'onopang'ono, n'kukokera pepala la Malume pafupi. Anawerenga mawu awo ofiira aja, milomo ikuyenda. "Ndinamufunsa kuti t wachokera kuti. Anthu angati?"

"Khumi ndi mmodzi."

"Ndiye kuti kakhumi ndi kamodzi yankho loona linabwera pamaso panga, ine n'kulithamangitsa. Kulakwitsa polemba si kanthu, aliyense amalakwitsa. Koma kakhumi ndi kamodzi, osadabwa n'kamodzi komwe?" Anavula magalasi. Popanda magalasi nkhope yawo inaoneka yaing'ono. "Wauza ndani?"

"Mwamuna wanga yekha. Amayi a mu ofesi akuganizira."

"Amene aja amaganizira ngakhale zimene sizinachitike." Anayesa kuseka. Kenako anatsamira pampando.

"Ndikuuze chinthu, mwana wanga. Sabata yatha ndinaima pamphambano ya pafupi ndi kwathu, galimoto ikulira, osadziwa kuti ndikhotere kuti. Msewu umene ndayendamo kuyambira iwe usanabadwe. Zinangotenga mphindi imodzi, kenako zinabwerera. Sindinawauze akazi anga, amayi ako aja, kunyumba. Ndinati ndi kutopa." Anagogoda pepala ndi chala. "Koma kutopa sikulemba ndi inki yofiira."

Mawu onse otonthoza amene anabwera m'kamwa mwa Nachoko anali abodza, choncho anawameza.

"Tikhoza kukonza malikisi mwakachetechete," anatero pamapeto pake, kuti awapatse mpata wosankha okha.

"Ukufuna zimenezo?"

"Ayi."

"Ukanati inde ndikanadziwa kuti ndinataya nthawi yanga pa iwe." Anavalanso magalasi. "Lengeza kuti Lachinayi magulu onse akumane m'holo. Abwere ndi mapepala awo. Ndipo pita ukatenge makatoni a mayeso a chaka chatha ndi chaka chinacho. Ngati zinayamba kale, ndikufuna ndidziwe kuti zinayamba liti, ndiponso ndani anavulala nazo."

Lachinayi holo inadzaza kuposa masiku onse, chifukwa mphekesera inali itayenda kuti mayeso abwerezedwa. Nachoko anakhala pampando wa kumapeto kwa mzere woyamba. A Pulofesa analowa, n'kujambula mathanki awiri pa bolodi, paipi pakati, osapereka moni.

"Amene analemba kuti y ndi ziro, imikani manja."

Manja ambiri anakwera monyadira.

"Ndili nanu limodzi," anatero, n'kuimika dzanja lawo. "Tonse talakwa. Kusiyana kwake n'koti inu mwalakwa pa pepala limodzi, ine pa mapepala 92. Bambo amene anafunsa za mchere ali kuti?"

Malume anaimirira kumbuyo, akukoka malaya.

"Tauzani anzanuwa. Mukatsegula mpopi, m'thanki yachiwiri mumachitika chiyani?"

"Mchere umayamba wakwera, a Pulofesa. Umakwera, n'kufika penapake, kenako madzi oyera aja amaugonjetsa, n'kuyamba kutsika."

"Umafika pachimake nthawi yanji?"

Malume anakanda m'mutu. "Kuntchito timangoyeza ndi kachipangizo."

Holo inaseka, a Pulofesa nawonso. "Lero muyeza ndi choko. Mchere umasiya kukwera pamene wolowa wafanana ndi wotuluka, pamene x − y ndi ziro. Tsono 10e^(−t) afanana liti ndi 10te^(−t)?"

"Pamene t ndi 1," anayankha mtsikana wina kutsogolo.

"Pakatha ola limodzi. Nthawi imeneyo thanki iliyonse ili ndi 10 kugawa ndi e, pafupifupi makilogalamu 3.68. Ine ndinati ziro. Bambo, kufakitale kwanu munthu wotaya makilogalamu atatu ndi theka amamutani?"

"Amamuitana ku ofesi, a Pulofesa."

"Inenso andiitana."

Anatembenukira ku bolodi n'kuyamba kugawa A kukhala −I ndi N. Analemba N, analemba N² = 0. Kenako choko chinaima m'malere. Nachoko anaona msana wawo ukuuma. Masekondi asanu, khumi. Kumbuyo wina anatsokomola. Iye anagwira m'mphepete mwa mpando, osadziwa ngati kuimirira kukhala kuwathandiza kapena kuwavula pagulu.

A Pulofesa anatembenuka okha. "Mzere wotsatira wandithawa," anatero mosabisa, ngati akunena kuti kunja kukugwa mvula. "Aphunzitsi, tabwerani mumalize. Inu nonse tsegulani maso, chifukwa kuyambira Lolemba amene aziima pano ndi awa."

Nachoko anaimirira. Analandira choko, n'kumaliza mizere iwiri yotsalayo. Atafika pa yankho anawonjeza chinthu chimodzi chimene sichinali m'dongosolo.

"Musanatseke buku, e^(At) iliyonse imene mwapeza muziifunsa mafunso awiri. Loyamba: t akakhala ziro, kodi ikubwerera ku I? Lachiwiri: liwiro la kusintha kwake pa t = 0, kodi likukupatsani A? Yesani yankho lolakwika lija, e^(−t) kuchulukitsa ndi I. Funso loyamba likhoza. Lachiwiri likupatsani −1 ndi 0 pamwamba, 0 ndi −1 pansi. Nanga 1 wa pakona uja, amene ndi paipi yathu, ali kuti? Mukaona choncho, dziwani kuti mwataya kanthu panjira. Sizitenga ngakhale mphindi."

Anamva mapensulo akukanda mapepala holo yonse. A Pulofesa anali atakhala pampando umene iye anasiya, manja pamaondo, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

Zotsatira zake sizinali zokoma zonse. Makumi anayi aja atamva kuti malikisi awo atsika, anadzaza pakhomo pa kaofesi ka pansi pa masitepe, ena akuti si chilungamo, wina mpaka anati bambo ake ndi loya. Nachoko anawamvetsera onse, n'kuwapatsa malikisi a njira imene anayenda molondola mpaka pa ma aigenivaliyu, osapitirira apo. Kwa milungu iwiri ena sankamupatsa moni. A Mkulu a dipatimenti anamva nkhaniyi tsiku lomwelo, koma pamene ankati aitanitse a Pulofesa anapeza kalata yawo ili kale patebulo, yopempha kupuma pantchito pakutha kwa teremu. Malume anapatsidwa malikisi ake makumi awiri. Anabwera kudzathokoza, koma anaoneka wosasangalala.

"Ndikanadziwa kuti zifika pamenepa, aphunzitsi, ndikanangokhala chete. Ine ndachotsetsa munthu ntchito chifukwa cha mchere."

"Simunawachotsetse, bambo. Munafunsa funso loyenera, iwo anayankha."

Makatoni a zaka ziwiri aja anawatenga masana asanu ndi atatu. Ankakhala awiriwiri mu ofesi ya pamwamba ija, iye akuwerenga mayankho mokweza, iwo akutsatira ndi pensulo. M'chaka chinacho sanapezemo kanthu. M'chaka chatha anapeza chizindikiro chimodzi chochotsera chimene chinasanduka chophatikiza, ndipo chinadyera ophunzira atatu malikisi awiriawiri, osasintha giredi ya aliyense. A Pulofesa analembabe makalata atatu opepesa, ndi dzanja, n'kupempha mlembi afufuze kumene anthuwo ali.

Tsiku lomaliza, akumanga katoni ndi chingwe, a Pulofesa anati, "Dzulo ndawauza amayi ako."

"Anati chiyani?"

"Anati akhala akudziwa kuyambira chaka chatha. Ati ndinathira shuga m'tiyi katatu iwo akuona, n'kumwa osadandaula." Anapukusa mutu. "Zaka makumi anayi m'nyumba imodzi, aliyense akubisira mnzake chinthu chimodzimodzi. Lachisanu tikupita kukaonana ndi dokotala. Akuti mwamuna wako akudziwa wabwino."

"Akudziwa. Adzakuperekezani."

"Chabwino." Anakankhira katoni pakona ndi phazi, n'kukhala pansi akupuma mwamphamvu. "Tsono tamvera. Mayeso omaliza ulemba ndiwe. Ukalemba, pepala la mayankho upatse munthu wina aliwerenge, asakhale ine, asakhalenso munthu wokuopa. Ndipo chaka chilichonse uzitero, ngakhale udzakhale ndi imvi mpaka m'nsidze."

"Ndamva, a Pulofesa."

"Funso lachitatu uikapo chiyani?"

Nachoko anaganiza pang'ono. "Mwina kasipuling'i kolendewera kokhala ndi cholemera kunsonga. Matirikisi ya 0 ndi 1 pamwamba, −1 ndi 0 pansi. Aone ekisiponenshiyo ikubala kosaini ndi saini."

Maso a a Pulofesa anawala. "A² ndi −I," anatero msangamsanga, "ndiye mndandanda umagawika pawiri, ziwalo zina kupita ku kosaini, zina ku saini. Eya. Limenelo ndi labwino. Adzalira, koma ndi labwino." Anasuzumira m'kapu yawo n'kupeza kuti tiyi anazizira kalekale. "Tapita ukaone ngati amayi a mu ofesi atsala ndi madzi otentha. Ubwere ndi makapu awiri, tiliyese limodzi funsolo."